Mmene mungakonzere raundi ya disi popanda kuputa chidani

Pamaliro a Mngoni, Mbemba amatha kufika, kupaka anamfedwa ufa kumutu, n'kuwauza kuti malemu atha chifukwa chodya mbewa. Palibe amene amatola mwala. Mngoni amangoyankha kuti odya anyani alibe pakamwa ponenera anzawo, anthu n'kuseka misozi ili m'masaya. Ife akum'mawa chimbuya timachidziwa, ndipo chisuweni tinakula nacho. Choncho munthu wa ku Chipata safunika kumufotokozera nthawi yaitali kuti kunyozana kumatha kukhala masewera. Chimene amafunika kudziwa n'chakuti mawu omwewo, akanenedwa ndi munthu amene si mbuya wako, ndi mlandu. Mpikisano wa disi, kumene ndi kunyozana m'nyimbo za rapu, umayendera lamulo lomwelo: anthu awiri avomerezana kunyozana, pamaso pa anthu, kwa nthawi yodziwika, ndipo ikatha nthawiyo zatha.

Ndakhala ndikuyendetsa timipikisano totere, ndipo apa ndikuonetsani mmene mungakonzere raundi imodzi kuyambira pa chiyambi. Titenge chitsanzo. Inu ndinu wa ku Kapata mu Chipata, ntchito yanu ndi yonyamula anthu pa njinga. Mnzanu wolimbana naye ndi wa ku Mchini, mu Chipata momwemo, anapita ku Lusaka kukayesa mwayi wa zoimba, anakhalako miyezi 3, n'kubwerako.

Yambani ndi kugwirizana, cholembera chidikire

Musanalembe mzere ngakhale umodzi, kumanani atatu: inu, mnzanuyo, ndi woyendetsa mpikisano. Osatumizirana mauthenga, kumanani maso ndi maso. Gwirizanani za kuchuluka kwa maraundi, ndipo ambiri amachita 3. Gwirizanani za kutalika kwa raundi, ngati mudzaimba pa biti kapena popanda choimbira, ndi amene adzaweruze. Oweruza akhale 3 kapena 5 kuti pasakhale kufanana mavoti, ndipo asakhale a gulu la mmodzi wa inu.

Kenako pamabwera nkhani imene achinyamata amaithawa poopa kuoneka amantha: aliyense atchule zinthu zimene sizidzakhudzidwa. Mwina mnzanu mayi ake anamwalira chaka chatha. Mwina inu muli ndi mwana wodwala. Nenani poyera, woyendetsa alembe. Si mantha ayi. Ngakhale osewera nkhonya amagwirizana kuti m'munsi mwa lamba simumenyedwa, ndipo palibe amene amati nkhonya zawo n'zabodza. Gwirizananinso ngati padzajambulidwa vidiyo ndi amene adzaisunge. Mudzaona kutsogoloku chifukwa chake mfundo imeneyi ndi yolemera.

Sankhani pomenya

Tengani pepala, mulembe zonse zimene mukudziwa za mnzanuyo. Mukatha, dulani mzere pakati. Mbali imodzi ikani zimene iye mwini amaonetsa kwa anthu: kudzitama kwake, kavalidwe, kalankhulidwe, nyimbo zake, malonjezo amene sanakwaniritse. Mbali inayo ikani zimene munazidziwa chifukwa anakukhulupirirani, kapena zimene sanasankhe yekha: matenda, kulumala, imfa, kusabereka, umphawi wa makolo ake. Mbali yachiwiriyi ng'ambani, mutaye.

Chifukwa chake si ulemu wokha. Ndi luso. Anthu amaseka chinthu chimene anachiona kale koma sanachinene. Wa ku Mchini uja anabwerako ku Lusaka akulankhula chinyanja cha m'tauni ngati anabadwira komweko, ndipo aliyense m'chipindamo anamumva. Wakhala akulonjeza chimbale kwa zaka 2. Jekete imene amavala pa siteji aliyense akudziwa kuti si yake. Mukatchula zimenezi, omvera ali kale kumbali yanu. Koma mukaulula chinsinsi, omvera sadziwa ngati n'zoona, ndipo m'malo moseka amayamba kuyang'ana nkhope ya mnzanuyo. Pamenepo mwaluza, ngakhale mzerewo ukhale wokoma bwanji.

Pa raundi imodzi mfundo 3 ndi zokwanira. Ife titenga ulendo wa ku Lusaka, chimbale ndi jekete, ndi njinga yanu yomwe.

Dziwani malo amene muli nawo

Oimba rapu amawerenga mizere m'mabala. Bala imodzi ndi kugunda 4 kwa biti, ndipo vesi yodziwika imakhala ya mabala 16. Pa biti yogunda ka 90 pa mphindi, mabala 16 ndi kugunda 64, kutanthauza masekondi pafupifupi 43. Ndi nthawi yochepa kwambiri. Mawu athu ndi aatali, ndiye mzere umene mukuuona waufupi papepala umatha kusefukira pa bala. Ombani m'manja ka 4 mukunena mzerewo. Mukaona kuti mukumeza mawu kuti mukwanitse, dulani mawu, musathamangitse lilime. Chipongwe chimene anthu sanachimve sichinanenedwe.

Gawani mabala 16 aja m'magulu 4 a mizere 4. Mizere 3 yoyamba imatchera msampha, wachinayi ndiwo umafwamphula. Mzere wofwamphulawu ndi umene anyamata amautcha panchi.

Lembani kuchokera kumapeto

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo ndikhalitsapo. Ambiri amayamba ndi mzere woyamba n'kumayembekeza kuti panchi ibwera yokha. Siibwera. Pezani kaye panchi, kenako mumange njira yokafikako.

Chinenero chathu chili ndi mawu ambiri a matanthauzo awiri, ndipo mmenemo ndi mmene muli chuma. Mtengo ndi wa m'nkhalango komanso wa pamsika. Kulemera ndi kukhala ndi chuma komanso kukanika kunyamulika. Kuyimba ndi kwa nyimbo komanso kwa foni. Tengani lomalizali. Mnzanu anapita ku Lusaka kukayimba, anabwerako chimanjamanja. Panchi yapezeka: anayimbadi, koma foni. Tsopano liwu lakuti foni liyenera kukhala lomaliza penipeni, chifukwa likatuluka msanga anthu aseka pakati pa mzere ndipo mawu otsalawo amira m'phokoso. Sakani mawu omveka mofanana nalo: moni, mboni, chisoni, Angoni.

Anapita ku Lusaka osatsanzika, osapereka moni,
ati "ndikukayimba, mudzandiona pa kanema, Angoni."
Kuyimba anayimbadi, ine pano ndine mboni:
"Amalume, tumizani ya basi!" Anayimba foni.

Onani mzere wachitatu. Ukuoneka ngati mukumuikira kumbuyo, ndipo omvera amatchera khutu kuti amve kumene mukupita. Msampha umatcheredwa chotero.

Pali vuto limodzi la chinenero chathu limene muyenera kulidziwa. Mawu athu onse amathera ndi a, e, i, o kapena u, ndipo aneni ambiri amathera ndi a. Ndiye kufananitsa chilembo chomaliza chokha n'kosavuta, mwana aliyense angachite: kudya, kupita, kugona. Khutu silimva kanthu pamenepo. Timakoka mawu pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, choncho fananitsani kuyambira pamenepo. Mtondo, mkondo, nkhondo, mawondo. Izi ndiye zimamveka.

Chimbale chako chituluka liti? Mawa, mkucha, mtondo.
Ife chimanga takolola kawiri, iwe ukunolabe mkondo.
Wabwera ndi jekete yobwereka, ati wavalira nkhondo,
mwiniwake uyo kumbuyo, kuzizidwa, manja m'mawondo.

Ponena mzere womalizawo lozani kumbuyo kwa chipinda. Anthu atembenuka, ngakhale kulibe aliyense, ndipo kutembenukako ndi theka la nthabwala. Koma musaloze munthu weniweni amene sanavomere kulowa m'masewerawa.

Dzinyozeni nokha iye asanatero

Mukudziwa kuti adzanena za njinga. Aliyense akudziwa. Mukamudikira, mwamupatsa raundi yonse. Mulandeni chidacho:

Ndikudziwa wakonzeka kundiseka za njinga,
nena ndithu, thukuta langa silibaya ngati minga.
Koma uwauzenso anthuwa, palibe chokutchinga:
wafika bwanji kuno lero? Pangongole, pa yanga njinga.

Kodi anakweradi njinga yanu pangongole? Mwina ayi. Ndipo apa pali kusiyana kumene anthu ambiri sakumvetsa. Bodza la mu disi ndi bodza limene aliyense akuliona kuti ndi lokokomeza, ndipo ngakhale wina alikhulupirire, palibe chimene chiwonongeke. Koma mukanena kuti anaba foni ya wina pamsika wa Kapata, limenelo ndi bodza looneka ngati umboni. Mawa anthu adzagwira matumba awo akamuona. Muyeso wake ndi uwu: dzifunseni kuti, wina akakhulupirira mzerewu, mnzanga ataya chiyani? Akataya ulemu wa pa siteji wokha, lembani. Akataya ntchito, banja kapena mtendere pamudzi, fufutani.

Mizere 4 yotsala ndi yanu yodzitamandira ndi kutseka. Imeneyo simufuna thandizo langa.

Siyani malo obwezera

Lowezani zonse mpaka muzinene mukupalasa njinga pa chitunda, chifukwa kuiwala mizere pa siteji kumaluzitsa kuposa mzere wofooka. Koma mutu wanu usadzaze ndi zoloweza zokha. Pamene mnzanu akuimba, mverani, musamabwereze zanu mumtima. Mukufuna liwu limodzi loti mulitembenuze. Tinene kuti wadzitama kuti iye tsopano walemera. Poyamba raundi yanu, musanalowe m'zolemba, mungoti: walemeradi, ndinamva ine popalasa, matayala onse anaphwa. Mzere umenewu si wokongola ngati olembedwa aja, koma anthu amaukuwira kwambiri chifukwa aona kuti wabadwira pomwepo. Mizere 2 yobwezera yakwana. Mukapitiriza, mudzasokoneza zimene munakonza.

Ndipo akakumenyani ndi panchi yabwino, sekani. Kukwinya nkhope kumauza oweruza kuti yalowa.

Kusiyanitsa nyimbo ndi udani

Mbiri ya rapu ili ndi mikangano ya mitundu yonse iwiri, yothera mu nyimbo ndi yothera mu udani. Mu 1981, ku Harlem mumzinda wa New York, Kool Moe Dee anatembenukira Busy Bee pa siteji n'kumunyoza mwachindunji, ndipo ambiri amawerengera mipikisano ya masiku ano kuchokera pamenepo. Jay-Z ndi Nas ananyozana koopsa m'nyimbo mu 2001, koma mu 2005 anaima pa siteji imodzi. Kuno kwathu mkangano wa Slapdee wa ku Lusaka ndi Macky 2 wa ku Kopala unagawa achinyamata pawiri, koma unali wa pa maiki. Mbali inayo kuli Tupac Shakur, amene anawomberedwa ku Las Vegas mu 1996, ndi Notorious B.I.G., amene anaphedwa ku Los Angeles mu 1997. Si nyimbo zimene zinawombera mfuti, koma mkangano wawo unali utatuluka kale mu situdiyo n'kulowa m'magulu a anthu okhala ndi zida.

Ndiye mungadziwe bwanji kuti zasintha? Musayang'ane kuopsa kwa mawu. Rapu ndi yodzaza ndi kupha: ndikukwirira, ndakukumbira manda, lero ndi maliro ako. Amenewo ndi mafanizo a kupambana, ndipo amanenedwa mnzakeyo ali chilili akumwetulira. Chimene muyenera kutchera khutu ndi pamene mawu ayamba kukhala ndi malo ndi nthawi. "Ndikuika m'manda ndi vesi iyi" ndi nyimbo. "Ndikudziwa njira imene umadzera pobwerera ku Mchini usiku" si nyimbo, ngakhale itagwera bwino pa biti. Woyamba akulankhula kwa omvera za mnzake. Wachiwiri akulankhula kwa mnzake, omvera angokhala mboni.

Chizindikiro china ndi luso lenilenilo. Munthu amene akusewera amasamala mapeto a mizere, amatchera msampha, amadikira kuseka. Munthu amene wapsa mtima amataya zonsezo. Mizere imasiya kufanana, mawu amakwera, amabwereza chinthu chimodzi, ndipo amasiya kuyang'ana anthu. Mukaona woimba wabwino wayamba kuimba moipa mwadzidzidzi, si kuti waiwala. Mtima wamulanda chiwongolero.

Mverani chipinda. Phokoso la panchi ndi kukuwa kosakaniza ndi kuseka, anthu kugwirana mapewa. Chipongwe chenicheni chimabweretsa bata. Ndinaphunzira izi mochedwa. Tsiku lina, pamalo ena omwera m'tauni muno, mnyamata anatchula dzina la mlongo wa mnzake ndi za mimba imene inapita padera. Mzerewo unali womangidwa bwino ndithu. Palibe anaseka. Mayi wina wogulitsa pamenepo anangoti "Ah, iwe," motsitsa. Ine ndinali ndi maiki ya woyendetsa m'manja, ndipo ndinalola raundi ipitirire poganiza kuti kuimitsa kukulitsa nkhani. Mnzakeyo anamaliza raundi yake bwinobwino, sanabweze, sanagwire dzanja la wina, anatuluka. Anyamata awiriwo anakulira limodzi, koma mpaka lero sapatsana moni. Mlongoyo sanali pa mpikisano, sanavomere kanthu, koma vidiyo inamupeza kunyumba.

Yang'ananinso amene aima kumbuyo kwa oimba. Nthawi zambiri oimba awiriwo amamvana, koma anzawo, makamaka atamwa, ndi amene amatenga mizere ngati nkhondo. Ndipo chizindikiro chomaliza chimabwera mpikisano utatha: ngati kunyozana kwapitirira m'mauthenga a awiri okha, kumene kulibe omvera, amenewo si masewera. Disi yopanda omvera ndi kutukwana basi.

Zimene woyendetsa achite

Imani pakati pawo, ndipo lamulo la kusakhudzana likhale lolimba: kuyandikira nkhope n'kololedwa, kugwira chipewa kapena kukankha ayi. Wina akadumpha malire amene munagwirizana, dulani pomwepo. Tsitsani biti, nenani mwachidule kuti mzere umenewo uli kunja kwa pangano, raundi yapita kwa mnzake. Musachite mlandu pa siteji. Pomaliza agwirane chanza anthu akuona, ndipo opambana alengezedwe pambuyo pa chanzacho, osati chisanachitike.

Mukafuna kujambula disi

Nyimbo yojambulidwa ndi yoopsa kuposa ya pa siteji, chifukwa imayenda yopanda pangano lake. M'chipinda muja aliyense anaona kumwetulira ndi chanza. Pa WhatsApp, azakhali a mnzanu ku Katete kapena ku Lundazi amangomva mwana wa m'bale wawo akunyozedwa ndi mlendo. Choncho zimene munalola pa siteji zisefeninso kachiwiri musanalowe mu situdiyo, ndipo mnzanuyo adziwe kuti nyimbo ikubwera.

Ena amva za mlandu wa woimba rapu Drake. Atanyozana ndi Kendrick Lamar mu 2024, iye anasumira kampani ya Universal Music Group mu 2025 ponena kuti nyimbo ina inamuipitsira mbiri, ndipo woweruza ku New York anauthetsa mlanduwo, poona kuti womvera nyimbo za mkangano wotere sazitenga ngati umboni wa zoona. Limenelo ndi khoti la ku America. Kuno malamulo ndi athu. Kuopseza munthu kuti umuvulaza ndi mlandu. Kunyoza anthu chifukwa cha mtundu wawo ndi mlandu, ndipo chimbuya sichikutetezani pamene mawuwo atuluka m'nthabwala za ambuya n'kukhala chidani, kapena pamene mwawalozetsa kwa mtundu umene si ambuya anu. Ndipo pali liwu limodzi limene limabwera msanga pakamwa chifukwa limagwera bwino pa biti: mfiti. Lamulo la za ufiti m'Zambia limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Kuposa lamulolo, inu mukudziwa zimene zimachitikira nkhalamba kumudzi liwu limeneli likaimatirira. Kunena kuti mnzanu amakhwimira nyimbo kwa agogo ake kumaseketsa m'tauni, koma agogowo ndi munthu weniweni, ali ndi anansi.

Zikalakwika

Ngati ndinu munadumpha malire, chotsani vidiyo tsiku lomwelo, ndipo pemphani amene anajambula achite chimodzimodzi. Musapepese ndi nyimbo ina, musalembe pa Facebook kuti anthu sadziwa nthabwala. Pitani kwa mnzanuyo ndi munthu mmodzi amene nonse mumamulemekeza, gulu lanu litsale. Ngati munatchula munthu wachitatu, mlongo, mayi kapena mkazi wake, kupepesa kwa mnzanu sikukwana. Funsani kaye ngati munthuyo akulola kukuonani, ndipo akalola, pitani ndi wamkulu, masana, mukakhale pansi pakhonde ndi kudikira kuti akulandireni.